Laisensi ndatenga, koma nkhani ya mizere yapakati pa msewu aphunzitsi ena akutipweteka nayo

Za mafomu, kuyezetsa maso ndi kujambulitsa sindikamba, aliyense amene wayamba ulendo wa laisensi kuno ku Lilongwe akuzidziwa. Chimene ndikufuna kukamba ndi mizere yoyera ija yapakati pa msewu, chifukwa ndaona ndi maso anga munthu wodziwa kugwira chiwongolero akulephera mayeso chifukwa cha mzere umodzi wokha.

Kusukulu kumene ndinkaphunzira, phunziro lonse la mizere linali mawu awiri basi: "Wodukizadukiza dutsa, wosadukiza usadutse." Kenako nkubwerera ku rivesi ndi kuimika galimoto pakati pa migolo. Ndalama tinalipira zonse, koma nthawi yambiri inathera pabwalo lafumbi pomwe palibe ngakhale mzere umodzi. Zotsalazo ndinazitola ndekha m'buku la malamulo a pamsewu, zina anandiuza amalume anga amene ayendetsa mathiraki kuyambira kalekale.

Kuno timayenda kumanzere, dalaivala amakhala kumanja, choncho mzere wapakati umakhala pafupi ndi chitseko chake. Ukakhala wodukizadukiza, ntchito yake ndi kugawa msewu pakati, awa akupita awa akubwera. Ukuloledwa kuuwoloka kuti upitirire galimoto ina kapena ukhotere kumanja, koma pokhapokha ngati ukuona bwino kutsogolo ndipo sikukubwera kanthu. Mzerewo suona galimoto imene ikubwera, umangokuuza kuti lamulo silikuletsa pamalopo. Ukatuluka nkukakumana ndi basi, mlandu ndi wako ndithu ngakhale mzere unali wodukiza.

Wosadukiza umodzi ukutanthauza kuti usapitirire galimoto imene ikuyenda ngati kuteroko kukuchititsa kuti matayala ako aponde kapena awoloke mzerewo. Umapezeka pokwera chitunda, pokhota, pafupi ndi mlatho, ndi pofika pamphambano. Iwiri yosadukiza yoyandikana ndiye yokhwima kwambiri, imamanga mbali zonse ziwiri, ndipo ngakhale geti la kwanu lili kutsidyako sukhotera pamenepo, umapita kutsogolo kukatembenukira pomwe mizere yalola.

Tsopano tsiku limene linandiwawa. Oyesa mayeso anatiuza kuti tifike m'mamawa kwambiri. Ndinadzuka kusanache, ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinalipira galimoto yasukulu yoti ndiyeserepo, chifukwa imeneyo imalipiridwa payokha. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenako wina anatuluka nkunena kuti netiweki palibe, tibwere tsiku lina. Palibe amene anapepesa. Palibe amene anatiuza m'mawa kuti zinthu sizikuyenda, chonsecho iwo anadziwa kale. Ndinabwerera kusukulu kukafunsa za ndalama ya galimoto ija, akuti galimoto inabwera ndipo inadikira, choncho ndalama yadyedwa, tsiku linalo ndilipirenso. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandipweteka. Musanalipire galimoto ya tsiku la mayeso, funsani kuti mayeso akalephereka osati chifukwa cha inu ndalamayo itani, ndipo yankho lake alilembe pa lisiti.

Chabwino chimodzi chokha cha tsikulo ndi chakuti pabenchi paja tinakangana za mzere umene aphunzitsi anga sanautchulepo: pamene wosadukiza ndi wodukizadukiza agona limodzi. Bambo wina amati pamenepo aliyense akhoza kudutsa chifukwa pali wodukiza. Mnyamata wina amati palibe wodutsa chifukwa pali wosadukiza. Onse awiri amalakwa. Umene umakulamula ndi umene uli mbali yako, pafupi ndi chitseko chako. Ngati wapafupi nawe ndi wodukizadukiza, ukhoza kupitirira kukakhala kuti kutsogolo kuli bwino. Ngati wapafupi nawe ndi wosadukiza, khala mbali yako, ngakhale uone obwera kutsogolo akudutsana. Iwo aloledwa, iwe ayi. Chifukwa chake nchosavuta: pachitunda, amene akukwera saona zimene zili kuseri, pamene amene wadutsa pamwamba ndipo akutsika akuona msewu wonse patsogolo pake. Malo amodzi omwewo, wina akuona, wina sakuona. Nthawi zina mupeza mizere itatu, wodukiza pakati, yosadukiza uku ndi uku. Pamenepo aliyense ali ndi wosadukiza mbali yake, palibe wopitirira.

Tsiku la mayeso enieni tinakwera awiri m'galimoto imodzi, ine kumbuyo, mtsikana wina pachiwongolero, woyesa mayeso pambali pake. Mtsikanayu amayendetsa bwino kuposa ine, magiya amasintha mosamveka nkomwe. Titatuluka pang'ono mkati mwa tauni tinapeza wakabaza wanjinga yakapalasa atanyamula matumba a makala, akukwera kachitunda pang'onopang'ono, njinga ikuyenda mokhotakhota chifukwa cha kulemera. Msewu unali wopapatiza, mzere pakati wosadukiza. Kumbuyo kwathu minibasi inayamba kuliza hutala. Ndinaona manja a mtsikanayo akugwiritsitsa chiwongolero, kenako anayatsa indiketa yakumanja, nkutuluka, matayala awiri akumanja kutsidya kwa mzere. Kutsogolo sikunabwere kanthu. Anabwerera bwinobwino. Woyesayo analemba pa pepala lake, nkunena mofatsa kuti, "Chemwali, imani apo pabwino." Basi mayeso ake anathera pomwepo.

Iye amaganiza kuti njinga si galimoto. Koma njingayo imayenda, ndipo chimene chili kuseri kwa chitunda sichisintha chifukwa chakuti amene ukumupitirira ndi wamng'ono. Akanatsika giya, nkutsatira wakabazayo mpaka pamwamba, minibasi ilize hutala mmene ingathere. Wa minibasi salipira ndalama yobwereza mayeso.

Ine changa chinali china. Nditatenga chiwongolero tinapeza lole itafa pamsewu, nthambi zamasamba zitayalidwa kumbuyo kwake monga amachitira, mnyamata wothandizira atagona pansi pa injini ndi sipanala. Apanso mzere unali wosadukiza. Ndinaima patali ndithu kuti ndithe kuona mbali ya loleyo, chifukwa ukaima pafupi kwambiri suona kanthu koma matayala ake. Ndinadikira magalimoto obwera adutse, ndinayang'ana pagalasi ndi kucheuka kumanja chifukwa njinga zamoto zimatulukira pamenepo, ndinayatsa indiketa, nkuzungulira pa giya yachiwiri, nkubwerera mbali yanga msanga. Woyesayo anandifunsa kuti, "Achimwene, mzere uja simunauone?" Ndinati, "Ndinauona bwana, koma loleyo yaima, yatseka njira, siyendanso. Ndadikira mpaka ndaona kuti kuli bwino." Sanayankhe, anangoti tipitirire. Kusiyana kwake nkumeneko: chinthu chimene chaima nkutseka njira ukhoza kuchizungulira mosamala, koma chimene chikuyenda, ngakhale chikukwawa, umachitsatira. Ndipo magalimoto amene aima mondondozana kudikira maloboti kapena raundabauti sanafe, akudikira ngati iwe, amenewo suwazungulira.

Ndibwerere kwa amalume, chifukwa ndi iwo anandichititsa kumvetsa kuti mzere wosadukiza sauika mwachisawawa. Tinkachokera ku Dedza pa M1, tili kumbuyo kwa thiraki, ine nkumadandaula kuti tikuchedwa. Anati tiwerengere. Thiraki ikuyenda makilomita 60 pa ola, iwe ukufuna kuipitirira pa 80. Ukuiposa ndi makilomita 20 pa ola okha, amene ndi mamita osakwana 6 pa sekondi iliyonse. Kuti uchoke kumbuyo kwake, udutse kutalika kwake konse, nkusiya mpata wokwanira usanabwerere, uyenera kuiposa ndi mamita pafupifupi 60. Zimenezo zikutengera masekondi 11. Pa masekondi amenewo galimoto yako yayenda mamita pafupifupi 240 ili mbali ya eni ake. Amene akubwera kutsogolo pa liwiro lomwelo wayendanso mamita 240 kubwera kwa iwe. Ndiye kuti usanatuluke uyenera kuona msewu wopanda kanthu pafupifupi theka la kilomita. Pomwe chitunda kapena kona yabisa mtunda umenewu, mpomwe amajambula wosadukiza. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuuona ngati msampha wa atirafiki.

Masamu omwewa amakuuzanso china. Ngati uli pa wodukizadukiza koma ukuona wosadukiza ukuyamba patsogolo pang'ono, usayambe kupitirira, sumaliza. Uyenera kukhala utabwerera mbali yako wosadukizayo asanayambe. M'misewu ina amajambula mivi yopindika yoloza kumanzere pakati pa msewu, imeneyo ikukuuza kuti bwerera tsopano.

Pa mayeso a malamulo a pamsewu, ndinaiwala kunena, funso la mizere iwiri yosiyana limasokoneza anthu chifukwa pa chithunzi sadziwa kuti iwo ali mbali iti. Musanayankhe, dziikeni kumanzere kwa msewu wapachithunzipo, kenako yang'anani mzere umene uli pafupi ndi chitseko chanu. Umenewo ndiye wanu. Ndipo samalani ndi mavidiyo a pafoni. Ambiri ndi a ku Amerika kumene mzere wapakati ndi wachikasu ndipo amayenda kumanja. Kuno wapakati ndi woyera, wachikasu uli m'mphepete kusonyeza pothera msewu. Kuseri kwa wachikasuyo ndi kumene kumayenda anthu apansi ndi njinga, si njira yopitiririra anzako kumanzere, ngakhale madzulo aliwonse pa msewu wa ku Kanengo muona ena akuchita zomwezo.

Chimene chikundikwiyitsabe nchakuti amatiyesa pa mizere imene m'misewu yambiri inafufutika kalekale. Pena ukuona kachidutswa koyera apa, kena uko, osadziwa ngati unali wodukizadukiza kapena wosadukiza umene wadyeka ndi matayala. Nyengo yamvula matope amaukwirira, usiku ndiye suoneka nkomwe, ndipo pomwe athira phula latsopano pamatenga nthawi asanajambule. Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi iyi: wodukizadukiza weniweni zidutswa zake zimakhala zofanana kutalika, mipata yakenso yofanana. Wofufutika zidutswa zake zimakhala zosalongosoka, ndipo ukayang'anitsitsa m'mipatamo muli kautoto kotsalira. Ukakayika, yang'ana malowo: ngati pali chitunda, kona, mlatho kapena mphambano, utenge ngati wosadukiza ulipo.

Amene mukupita kukayesedwa, uzani aphunzitsi anu akutulutseni pabwalo la migolo, mupite nawo msewu wa ku Mchinji kapena wa ku Salima, ndipo pa mzere uliwonse muzinena mokweza kuti uwu ndi uti, ukundilola chiyani. Akakana kuti mafuta ndi odula, muwakumbutse kuti munalipira maphunziro onse. Ndipo za lisiti ya galimoto ya tsiku la mayeso ija musaiwale, alembepo.