Firiji inkalira usiku wonse, koma nyama n'kumafewa

Nyama itayamba kufewa mufiriza, aneba anandiuza kuti gasi watha. Sindinathamangire kukathiritsa, chifukwa gasi wa mufiriji satha yekha pokhapokha paipi itabooka penapake.

Ndinayambira pa labala wa pachitseko. Ndinatsekera ndalama ya K1,000 pachitsekopo n'kumaikoka, kuzungulira mbali zonse. Pakona ya m'munsi inangosololoka. Nditatsuka labalayo ndi madzi otentha a sopo anafewa n'kuyamba kugwira. Komabe kampata kotere kamangochititsa kuti firiji izilira nthawi yaitali, sikangasungunule nyama yonse.

Kenako fani. Firiji yanga ndi ya mtundu uja wosaunjika ayezi, ndipo fani yake ya mufiriza imaima ukatsegula chitseko. Ndinadina kaswichi ka pachitseko ndi chala, faniyo n'kuyamba kuzungulira bwinobwino, koma mphepo yake sinali yozizira. Apa m'pamene ndinazindikira kuti phokoso limene ndinkamva usiku wonse linali la fani, osati la kompuresa, makina amene amapopa gasi kuti firiji izizizira.

Ndinakokera firiji kutsogolo n'kukhala pansi kumbuyo kwake, kumvetsera. Kompuresa inang'ung'udza masekondi ochepa, kenako "thi!", n'kukhala chete. Patapita mphindi ngati zitatu inabwerezanso. Poikhudza inali yotentha kwambiri, pomwe mapaipi akuda aja, amene amafunda firiji ikamagwira bwino, anali ozizira. Kulira kwa "thi" n'kwa kachipangizo koteteza kompuresa, kamene kamadula magetsi mota ikakanika kunyamuka n'kuyamba kutentha.

Ndinazula pulagi, ndipo apa musachite chibwana. Pambali pa kompuresa pali kabokosi kakuda. M'kati mwake muli rileyi, imene imathandiza mota wa kompuresa kunyamuka, yolowetsedwa pa timapini ta kompuresayo. Ndinajambula mawaya pafoni ndisanaizule. Nditaigwedeza pakhutu inalira ngati muli timiyala, ikununkhanso kupserera. Rileyi ya mtundu umenewu, yotchedwa PTC, ili ndi kambale kakang'ono m'kati kamene kamapatsa mota mphamvu yonyamukira, ndiye kanali kataphwanyika.

Ndisanagule ina ndinayeza timapini titatu ta kompuresa ndi mita yoyezera maomu, muyeso wa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa. Mukayeza tiwiritiwiri mumapeza manambala atatu, ndipo awiri aang'onowo mukawaphatikiza azifanana ndi lalikulu lija. Anafanana. Ndinayezanso pini iliyonse ndi chitsulo cha kompuresa, mita sinalire monga imachitira magetsi akapeza podutsa, kusonyeza kuti mota sinapse.

Kushopu ndinapita ndi rileyi yakaleyo, popeza zimasiyana: zina ndi za maomu 15, zina 22, zina 33, ndipo mapini akenso safanana. Nditaika yatsopano ndinadikira kompuresa izizire kaye ndisanayatse. Inanyamuka nthawi yomweyo, mapaipi akumbuyo n'kuyamba kufunda. Ikanati izilira mosalekeza mapaipiwo ali ozizirabe, ndikanaitana mmisiri, chifukwa pamenepo nkhani imakhala ya gasi kapena kompuresa yotopa, ndipo gasi wa R600a amayaka moto.

M'mawa mwake madzi amene ndinasiya m'kapu mufiriza anali ataundana. Tsiku lomwelo ndinagula firiji gadi, kuti magetsi akathima n'kuyakanso izichedwetsa kompuresa mphindi zingapo isanayambe.