Zaka zisanu za golosale yathu pa Lizulu, ndi masamu amene anatipulumutsa

Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu chitsegulireni golosale yathu pa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo tamaliza kubweza ngongole imene tinakonzera mashelefu ndi kugulira firiji. Ndine wonyadira, chifukwa m'chaka chachiwiri tinatsala pang'ono kutseka, ngakhale kuti makasitomala ankabwera tsiku lililonse ndipo katundu ankayenda bwino.

Nthawi imeneyo ndinkaika mitengo mwa njira imodzi yokha. Ndikapikula katundu ku Lilongwe, ndinkawonjezera 20 peresenti pa mtengo wopikulira, kotero kuti katoni ya sopo ya K10,000 inkandibweretsera K12,000. Zolipira za pamwezi ndinkazidziwanso bwino: lendi K120,000, thiransipoti K110,000, mtsikana wothandiza m'sitolo K100,000, mlonda K40,000 ndi magetsi K30,000, zonse pamodzi K400,000. Popeza tinkagulitsa pafupifupi K2,000,000 pamwezi, zolipirazo zinali 20 peresenti ya zogulitsa, ndipo mumtima ndinkati ziwirizi zikufanana. Koma mpamba unkangophwera mwezi ndi mwezi, mashelefu n'kumaoneka mipata, mpaka ndinayamba kukayikira mtsikana wosalakwa uja, chinthu chimene chimandipwetekabe.

Amene ananditsegula maso ndi alamu anga, amene anagwirapo ntchito yowerengera ndalama. Madzulo ena anatenga kope langa lakuda ndi thukuta, nakhala pa thumba la mchere, n'kundifunsa kuti, “Alamu, K2,000 imeneyi mukuiyerekeza ndi chiyani?” Anandionetsa kuti pa K10,000 yopikulira ndi 20 peresenti ndithu, koma pa K12,000 imene kasitomala wapereka ndi 16.7 peresenti yokha. Chowonjezera chimawerengedwa pa mtengo wopikulira, pamene gawo lotsala limawerengedwa pa mtengo wogulitsira, ndipo lendi ndi magetsi zimalipidwa kuchokera m'gawo lotsalalo. Choncho pa K2,000,000 tinkatsala ndi pafupifupi K333,000, pamene pankafunika K400,000. Mwezi uliwonse K67,000 inkachoka pa mpamba, ine ndisanatengepo ngakhale ya ndiwo kunyumba.

Njira imene anandiphunzitsa ndimaigwiritsabe ntchito. Ndimayamba ndasankha gawo limene ndikufuna litsale pa ndalama zogulitsa, n'kulichotsa pa 100, kenako n'kugawa mtengo wopikulira ndi chotsalacho nditachigawa kaye ndi 100, monga 80 kukhala 0.80. Kuti patsale 20 peresenti, ndimagawa K10,000 ndi 0.80, ndipo mtengo umakhala K12,500, kutanthauza kuti ndiyenera kuwonjezera 25 peresenti, osati 20. Komabe pamenepo ndangolipira zolipira basi. Kuti patsale 25 peresenti, yondipatsanso kangachepe, ndimagawa ndi 0.75, n'kupeza K13,333, komwe ndi kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Thiransipoti ndimaiwerengera malo amodzi okha, m'zolipira za pamwezi, chifukwa kuiikanso pa mtengo wa katoni ndi kulipiritsa kasitomala kawiri.

Sikuti katundu yense amalola zimenezi. Mtengo wa shuga ndi mafuta ophikira aliyense amaudziwa, ndipo ukakweza pang'ono munthu amangowolokera kwa mnzako. Pa zimenezo ndimavomera kutsala ndi 8 kapena 10 peresenti, ndipo ndimabwezera pa ndowa, mapoto ndi mafuta odzola, mmene 30 peresenti imatheka. Chofunika n'chakuti mwezi ukatha, zonse zikaphatikizidwa, gawo lotsala lipose zolipira. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinawerengera pa mtengo umene ndikapikulire mawa, osati wa dzulo, ndipo mpamba sunagwe.

Kwa wogulitsa mopikulitsa wina amene ankatipatsa makatoni operewera n'kumakana, dziwani kuti tsopano timawerenga chilichonse musanatseke galimoto. Ndipo amene munatikongoza pa chiwongoladzanja cha katapila mukuyembekeza kulanda firiji, firijiyo ikadali pano ndipo ikuzizira bwino.

Ndikuthokoza Mulungu, alamu anga chifukwa cha madzulo aja, ndi mayi a kunyumba amene anapirira miyezi yopanda phindu osadandaula. Ndikuthokoza amayi a banki m'khonde amene anandikhulupirira, mtsikana wathu amene anandikhululukira ndipo tidakali naye, komanso alimi a mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato amene mumati mukagulitsa pa msika mumadzera kwathu. Madalaivala a maminibasi ndi anyamata a kabaza, inunso zikomo kwambiri.

Sabata ino tatsitsa ndowa zatsopano, mapoto, sopo, mchere ndi mafuta ophikira, ndipo mtengo walembedwa pa chilichonse kuti musavutike kufunsa. Eni maokala amene mukufuna kugula katoni yathunthu tili ndi mtengo wanu wapadera, ndipo mukabwera ndi kope lanu tidzakhala pansi n'kuwerengera limodzi mtengo woti mukagulitsire. Timatsegula 6 koloko m'mawa, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.