Bipi sanenerera

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe, ndipo pa nkhani yonenerera mtengo palibe amandiposa. Tsiku limenelo ndinangoperekeza mnzanga wa benchi loyandikana kuchipatala. Wodwala anali iyeyo. Koma anesi atandiona ndikupumira m'mwamba anati, "Mayi, tabweretsani mkono."

Anandimanga chilamba chothina chija, makina n'kulemba 172 pa 104.

"Ndi zambiri zimenezo?"

"Ikafika 140 pa 90 timati yakwera."

"Ndiye tsitsaniko pang'ono, timvane pa 150."

Anesi sanaseke. Anandikhazika pampando mphindi zisanu, osayankhula, osapinda miyendo, n'kuyezanso. Anandiuza ndibwerenso tsiku lina, poti kuyeza kamodzi sikukwanira. Nditabwerera inali 166 pa 100. Ndinawauza kuti ine mutu sundipweteka, dengu ndimasenza ndekha. Iwo anati bipi ndi momwemo, ambiri samva kalikonse mpaka tsiku lomwe mkono ndi mwendo zaferatu mbali imodzi, kapena impso zatopa.

Anandipatsa timapiritsi ting'onoting'ono, papepala palembedwa HCTZ, kamodzi m'mawa uliwonse. Ananenanso kuti timachotsa mchere ndi madzi m'thupi kudzera mumkodzo, koma ine maganizo anali pa tomato wanga yemwe ndinasiyira mwana.

M'mawa mwake ndinameza kamodzi, kutsirako makapu awiri a tiyi, n'kukwera basi yokapikula katundu kwa Lizulu. Abale inu! Tisanadutse n'komwe pa Zalewa ndinali nditayamba kale kuvina pampando. Ndinaimitsa basi katatu. Kachitatuko kondakitala anati, "Amayi, mulipire ya munthu ndi ya thengo yomwe." Basi yonse kufa nako kuseka, ine nkhope m'chitenje.

Ndinapirirabe mwezi wathunthu, zothamangira kuchimbudzi zija n'kuchepa. Atandiyeza inali 134 pa 84. Ndinati basi ndachira, mapiritsi otsala n'kuponya m'kabati. Mchere wowaza pambale ndinauyambiranso, kanyenya wa m'mapaketi uja osaphonya Loweruka.

Patatha masabata atatu, 170.

Anesi omwe aja anayang'ana m'buku langa, kenako ine. "Mayi, tomato wanu mumamuwaza madzi kamodzi pa mwezi?"

"Ayi, tsiku lililonse. Ukasiya amafota."

"Piritsi ilinso silichiza bipi, limangoigwira. Mukalisiya imabwerera pomwe inali."

Ndinafunsa ngati angandichotsereko Lamulungu lokha. Anakana.

Pano mapiritsi amagona m'kachikwama ka ndalama kamene ndimamanga m'chiuno, poti chimenecho chokha sindinachiiwalepo chibadwire. Ndikamawerenga tchenji m'mawa ndimameza kamodzi. Mchere ndimathira pang'ono mumphika basi, wa pambale ndinasiya, ngakhale abambo akunyumba amadandaula kuti akulangidwa pa mlandu wa eni. Tsiku lopita kwa Lizulu piritsi ndimamwabe, tiyi ndi amene ndimamusiya, ndipo ndimalawirira kukagwira mpando wa pakhomo.