Malungo obwerabwera ndi nkhufi za m'khoma

Sabatayi inayenda monga mwa masiku onse: sikelo, chifuwa, LA mpaka dzanja kuwawa. Koma ya Lachitatu ikundipwetekabe mtima.

Kunabwera mayi woyembekezera, mimba ya miyezi isanu, thupi latentha kufika pa 39.8, mutu ukumudula. Aka kanali kachitatu. Maulendo awiri oyambawo kachipangizo koyezera malungo sikanapeze kanthu, koma anapatsidwabe LA. Thupi linkazizira pakatha masiku atatu, ife n'kumati mankhwala agwira, pakatha sabata n'kuyambanso.

Ndinafunsa amuna awo ngati nkhupakupa inawaluma mayiwa. Anaseka. "Adokotala, ife ng'ombe tilibe." Apo ndi pomwe tinasokera tonse. Nkhupakupa ya pa ng'ombe ili ndi chikamba cholimba pamsana. Imabaya khungu, n'kumata kamwa yake ndi zomatira za m'malovu ake, n'kukhala pomwepo masiku angapo ikufufuma. Munthu amaiona, amaikumbukira. Nkhufi ndi ina: yofewa, yamakwinya, yobisala m'ming'alu ya khoma ladothi ndi m'dothi la pansi pa mphasa. Imatuluka usiku, imayamwa mwina theka la ola osamupweteka munthu, n'kubwerera. Mmawa palibe chopeza pathupi. Nditatchula nkhufi, apongozi awo anati, "Zimenezo ndiye zilipo, bambo."

Tizilombo ta Boreliya, toyambitsa malungo obwerabwerawa, timalowa kudzera m'malovu a nkhufi, komanso m'timadzi tomwe imatulutsa m'tsinde mwa miyendo yakutsogolo ikamakhuta. Thupi likayamba kutigonjetsa, totsalato timasintha chikuto chake, asilikali a m'thupi osatizindikiranso. Kubwerabwera kwa malungowo ndi kumeneko.

Kuti titione, magazi amayenera kutengedwa thupi lili chitenthere, kupakidwa pagalasi ndi utoto womwe uja wa malungo. Utotowo kuno unatha miyezi iwiri yapitayo. Tinalemba, tinaimba foni, akuluakulu akuti tachipangizo tija n'tokwanira. Kachipangizo kamadziwa malungo a udzudzu basi! Galasilo ndinalitumiza panjinga yamoto kuchipatala chachikulu, ndalama ya mafuta yochoka m'thumba mwanga. Madzulo mnzanga anaimba: timaulusi topotana ta Boreliya tili mbwee pakati pa maselo.

Mankhwala a dokisisayikilini sitinamupatse chifukwa cha mimba, tinabaya penisilini. Maola awiri asanathe mayi anayamba kunjenjemera koopsa, kenako thukuta, magazi n'kuyamba kuthamanga motsika. Zimatero tizilombo tikamafa tambirimbiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake wodwala samutulutsa akangolandira mankhwala oyamba. Dilipi inalipo imodzi. Ndinachezera pambali pake mpaka tambala woyamba. Mayi anachira, koma mimba inachoka Lachinayi usiku.

Lachisanu ndinapita kumudzi kwawo ndi alangizi a zaumoyo. Titapalasa dothi m'mphepete mwa khoma tinatola nkhufi 11. Zimapirira zaka osadya, ndipo yaikazi imapatsira tizilomboto mazira ake. Tinawauza atseke ming'alu, azire pansi, agone m'masikito. Mankhwala opopera tilibe. M'nyumbamo mumagonanso ana awiri, wamng'onoyo akuti thupi linatentha sabata yatha.