Munthu wa nambala 11

Lolemba m'mawa abwana anandiitana ndi nkhope yosasangalala. Kasitomala wathu, sukulu ina yomwe tinaipangira pulogalamu yolembera fizi, anadandaula kachitatu za lisiti lomwe limatuluka kawiri, koma aliyense mwa ife ankaganiza kuti mnzake wakonza kale. Madandaulo onse anali pa WhatsApp, atakwiririka pakati pa mauthenga a maliro ndi zithunzi za mpira. "Tipezereni polembera ntchitozi," anatero. "Koma ndalama palibe, ndipo zolipira m'madola musazitchule n'komwe." Amene anayesapo kulipira kunja ndi khadi la banki ya kuno akudziwa chifukwa chake.

Ndinayamba ndi Trello poti ambiri tinkaidziwa. Yaulere imalola mabodi 10, makhadi opanda malire, ndipo fayilo iliyonse isapose 10 MB. Ndinaona kuti zikutikwanira, popeza tilipo 6. Lachiwiri lonse ndinakhalira kukopera ntchito 180 kuchokera m'mauthenga aja, khosi mpaka kuuma.

Cholakwa changa chinaonekera Lachitatu. Ndinali nditawerenga anthu okhala ndi mipando mu ofesi okha. Ndinaiwala ophunzira awiri amene akuphunzira ntchito kwathu, komanso anthu atatu a kusukulu kuja amene ayenera kumalemba okha mavuto awo. Tonse pamodzi tinakwana 11, pomwe malire ndi anthu 10, ndipo mlendo woitanidwa pa bodi imodzi yokha amawerengedwanso. Ngakhale amene mwamuitana koma sanayankhe amakhala atatenga kale malo. Jira nayo yaulere imathera pa anthu 10, ndipo mukadutsa pamenepo simulipirira munthu mmodzi woonjezerayo, mumalipirira onse 11. Kuonjezera apo, pa Jira yaulere simungasankhe kuti uyu aone izi, uyo asaone. Kwa ife zimenezo n'zosatheka, chifukwa kasitomala wina sayenera kuwerenga mavuto a mnzake.

Mnyamata wathu wina anati tingopanga akaunti imodzi ya anthu atatu a kusukuluwo. Ndinakana. Tsiku lomwe wina adzalembe kuti "takonza, tsekani", tidzafunsa ndani?

Masana ndinayesa Linear. Iyo siwerengera anthu, imawerengera ntchito, ndipo malire ake ndi 250. Ndinatenga cholembera: tili kale ndi 180, ndipo mlungu uliwonse timalandira pafupifupi 25. Malo otsala 70 akanatha mlungu wachitatu usanathe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chaulere chilichonse chili ndi mpanda wake, kwina ndi anthu, kwina ndi kuchuluka kwa ntchito, kwina ndi malo osungira mafayilo, ndipo chofunika n'kudziwa mpanda womwe gulu lanu lidzayambe kugunda.

Lachinayi tinakhazikika pa GitHub Issues, komwe timasunga kale khodi yathu. Kuyambira 2020 GitHub imalola anthu ochuluka mmene mungafunire ngakhale pa nkhokwe zachinsinsi, osalipira. Msampha wake ndi wina: munthu amene mwamupatsa chilolezo cha Read kuti azilemba madandaulo amathanso kuwerenga khodi yonse ya m'nkhokwemo. Choncho ndinatsegula nkhokwe ina yopanda khodi, ya madandaulo a sukuluyo okha, n'kuwaitanira kumeneko. Kasitomala aliyense adzakhala ndi yake. Chithunzi chisapose 10 MB, zomwe sizovuta, ndipo bandulo imapulumukirapo.

Ndisanakoperenso ntchito 180 zija, ndinayamba ndayesa khomo lotulukira, chinthu chomwe ndikanachita Lolemba. Pa Trello yaulere deta imatuluka mu fayilo ya mtundu wa JSON yokha, ya CSV yotsegula mu Excel ndi ya olipira. Pa GitHub ndinalemba ntchito zisanu zoyeserera, kenako ndinalamula kuti:

```
gh issue list --state all --limit 1000 --json number,title,state,body > ntchito.json
```

Mukasiya `--limit` mumalandira 30 zokha, ndipo mukasiya `--state all` zotsekedwa sizibwera. Zonse zisanu zinatuluka, mtima unakhala pansi.

Sindinganame kuti aliyense wasangalala. Mayi amene amasunga ndalama kusukulu kuja anandiimbira Lachisanu m'mawa. "Achimwene, chinthu chanuchi chadzaza Chingerezi cha anthu a makompyuta, ine ndidine pati?" Tinatha theka la ola pa foni mpaka anapeza batani la New issue. Chinanso chosowa n'choti pa ntchito payokha sindinapeze polemba tsiku lomalizira, ndiye ndaika masikuwo pa ma Milestones, omwe ndi magulu a ntchito okhala ndi tsiku lomalizira, gulu limodzi pa mlungu.

Cha m'ma 3 koloko dandaulo loyamba lolembedwa ndi mayiwo linalowa, la lisiti lomwe lija, pamodzi ndi chithunzi chojambula pa foni chala chikuonekera pakona. Ndinalipereka kwa mnyamata uja, dzina lake n'kuonekera pambali pake. Makasitomala ena awiri ndiwaitana Lolemba.