Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Malata a nyumba ya ku George

Ndakhala chete masabata atatu, ndipo mwandikumbutsa mokwanira. Zikomo mayi mwalemba kuti inunso munakulira m'komboni ya ku Lusaka, ku Chawama, ndipo mukuwakumbuka madenga opsinjidwa ndi miyala. Kwa bambo mwanena kuti m'gawo lapita ndinanyoza mwambo wa makolo, dikirani muwerenge gawo lino lonse, mwina tigwirizana.

Mukukumbuka kuti tinalekezera pomwe Atate anachoka kumudzi kwa Amayi ku Katete, atatopa ndi uchikamwini. Anali atalima munda wa apongozi zaka zisanu, koma nkhokwe sinali yawo, ndipo nkhani za ife ana ankazidula ndi Atsibweni, mlongo wa Amayi. Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, chitupa chija chinkamangira munthu kwawo chinatha mphamvu. Nthawi ya atsamunda, nyumba m'tauni inkayendera ntchito. Ukachotsedwa ntchito, nyumbanso yapita, uzibwerera kumudzi. Chitupa chitatha anthu anakhamukira ku Lusaka ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. Mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 123,000 mu 1963, koma pofika 1969 anapitirira 260,000. Palibe khonsolo ikanamanga nyumba mothamanga choncho.

Atate anayamba ndi kutchetcha kapinga kwa mzungu wina ku Kabulonga, akugona m'kachipinda ka antchito kuseri. Mkazi ndi ana sankaloledwamo. Atapeza ntchito yonyamula njerwa pa kampani ina yomanga, anapita ku komboni ya George kwa acheyamani a chipani cholamula cha UNIP, nawalozera malo pakati pa nyumba ziwiri. Panalibe pepala kapena muyeso. Anawayeza ndi mapazi basi. Anaumba zidina Loweruka ndi Lamlungu, denga anafolera ndi migolo yophwanya. Mu 1968 anatiitanitsa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo za ulendo wonsewo ndimangokumbuka mlatho wa Luangwa ndi Amayi atakumbatira mtondo wawo, womwe anakana kuusiya.

Mtondo uja unakhala chaka osagwira ntchito. Chimanga chosinja chikanachoka kuti? Ufa unali wogula, nkhuni zogula, ndiwo zogula. Amayi, omwe kwawo anali ndi munda, nkhokwe ndi alongo owaimira pa mlandu, anasanduka munthu wodikira tsiku la malipiro a mwamuna. Usiku wina ndinawamva akuuza Atate kuti, “Kwathu mkamwini munali inu. Kuno mkamwini ndine.” Atate anaseka, ndipo ankaibwereza nkhaniyi kwa anzawo ngati nthabwala. Amayi sanasekepo.

Sanakhale manja lende ayi. Anayamba kupikula matimati m'mamawa, kuwaunjika timilu pa thebulo la pakhomo, kenaka makala, kenaka zitumbuwa. Anagula makina osokera akale. Ndikulemba izi dala, chifukwa malata oyamba a nyumba ija, khumi ndi awiri, anagulidwa ndi ndalama za matimati. Ine ndi amene ndinkasunga chitini cha ndalamazo pansi pa mphasa.

Komboni inali ndi ubale wakewake. Kumanja kwathu kunali Abemba, kumanzere Ansenga, kuseri Atonga, ndipo tonse tinkakumana m'Chinyanja cha m'tauni chomwe Agogo ankati nchopanda mchere. Mfumu kunalibe. Milandu ya nkhuku, ya ngongole ndi ya amuna omenya akazi inkapita kwa acheyamani a sekishoni, nyumba pafupifupi 25. Maliro akagwa, mbale inkayenda khomo ndi khomo. Amene anandigwira dzanja tsiku loyamba kupita kusukulu sanali wachibale. Anali mayi wa Chibemba uja, amene kuyambira pamenepo ndinkawatcha amayi aang'ono.

Achibale enieni ankabweranso, koma atanyamula chikwama. Munthu wa m'tauni ankaoneka ngati wakolola ndalama, ndiye mudzi unkamutumizira ana. Mu 1972 kunafika mwana wa Azakhali, uja ndinakuuzani kuti tinkamutcha achimwene, akuti adzakhale mwezi umodzi akufuna ntchito. Anagona pabalaza pathu zaka zisanu ndi zinayi. Atate sakanamubweza. Pa mwambo wathu mwana wa mlongo wawo ndiye anali mbumba yawo, ife tinali a Atsibweni.

Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena kuti akonzedwe m'malo mogwetsedwa, ndipo ndi ngongole ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ntchitoyo inafika ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Anthu ankayenda ndi atsogoleri a m'deralo kusankha modutsa msewu, ndipo omwe nyumba zawo zinagwera mumsewu anapatsidwa malo chapafupi. Mpopi unaimikidwa, umodzi pa sekishoni, ndipo tinaleka kumwa madzi a pachitsime chomwe chinali mapazi ochepa kuchoka pachimbudzi. Panali ngongole ya zipangizo zomangira, ndi ndalama yolipira mwezi ndi mwezi, yomwe ambiri anaileka msanga. Atate anaikira khoma la mabuloko kunja kwa khoma la zidina, tikugona momwemo, mpaka nyumba inakhala ya zipinda zinayi. Kenaka kunabwera pepala, layisensi yokhalira pamalopo zaka 30. Mlembi anafunsa dzina la mwini nyumba, ndipo analemba la Atate. Palibe anaganiza zofunsa za matimati.

Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ntchito zomanga zinauma, Atate anayamba kukhoma mbaula ndi zidebe pansi pa mtengo. Zaka khumi zinapita choncho, m'mizere ya ufa, sopo ndi mafuta ophikira. Ine ndinatsiriza sukulu, ndinayamba kuphunzitsa.

Atate anamwalira mu Julayi 1987, atadwala chifuwa miyezi inayi. Ndalama yonyamulira thupi kupita kwawo panalibe, ndiye tinawaika ku manda a Chingwere, ku Lusaka komweko. Bokosi linagulidwa ndi mbale ya sekishoni. Azakhali anafika titaika kale, ndipo choyamba chomwe ananena polowa pakhomo chinali chakuti tawataya alongo awo pakati pa alendo ngati munthu wopanda kwawo.

M'mawa mwake anayala mphasa panja. Amayi anawakhazika pakona, atafunda chitenje chakuda, mutu uli pansi, chifukwa namfedwa sayankhula. Katundu anatulutsidwa mmodzimmodzi: njinga, wailesi, jekete, bedi, nyundo ndi lumo lodulira malata. Mpaka pamenepo sindinadabwe. Kenaka achimwene aja analowa kuchipinda natuluka atasenza makina osokera. Ndinaimirira. Ndinati, “Azakhali, makinawo ndi a Amayi.” Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati, “Iwe ndiwe mwana wa eni ake. Amako anabwera kuno ndi chiyani? Si mtondo?” Anthu ena anaseka. Mtondowo unali pomwepo, pafupi ndi khomo, tikuugwiritsa ntchito ngati mpando.

Kenaka anafunsa pepala la nyumba. Anati wolowa m'malo mwa malume ake ndi mphwawo, ndipo Amayi atenge ana azipita kwa alongo awo ku Katete. Ndinayang'ana achimwene, munthu amene Amayi anamuphikira zaka zisanu ndi zinayi, kumuchapira, kumulipirira ngongole ya mowa kawiri. Iye ankayang'ana kudenga. Ndinaganiza kuti ndi manyazi. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ankawerenga malata.

Tsopano bambo a ndemanga aja, tamverani. Mwambowu kumudzi unali ndi nzeru. Mwamuna akafa pa chikamwini, abale ake ankatenga khasu, nkhwangwa ndi zovala, nkumapita. Namfedwa ankatsala pamudzi pake, munda uli wake, nyumba ili pa dothi la amayi ake, alongo ake ali pafupi. Palibe ankasowa pogona. Ku George zonse zinali zitatembenuka. Dothi linali m'dzina la mwamuna, chuma chonse chinali nyumba, ndipo munda wa Amayi kumudzi unali utagawidwa kalekale kwa ang'ono awo. Atsibweni, omwe ankayenera kutiimira, anali asanatione zaka khumi ndi zisanu, ndipo kumaliro sanabwere, akuti basi yadula. Ananyamula theka la mwambo kubwera nalo m'tauni, theka lotenga, nasiya kumudzi theka loteteza.

Amene anatiimira ndi amayi aang'ono a Chibemba aja. Anatuma mwana, ndipo mphindi zochepa azimayi a sekishoni analowa m'nyumba mwakachetechete, nakhala pansi m'chipinda chilichonse, miyendo atatambasula. Acheyamani anafika, nanena kuti iwo pampopi ndi pamaliro akhala akuona mayiyu zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo sachoka. Pepala linali m'chitini changa chija, ndipo chitinicho chinali kale m'nyumba ya Atonga kuseri. Ndinachipititsa usiku. Wina wa inu adzati ndinaba pepala la maliro. Inde, ndinaba, ndipo sindinalape.

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza anagwirizana kuti nyumba itsale, koma a kuchimuna atenge katundu yense ndi malata a zipinda ziwiri za kumbuyo. Achimwene anakwera okha padenga ndi nyundo ya Atate. Ndinakhala pansi ndikumva msomali uliwonse ukulira pozuka. Anatsitsa khumi ndi awiri, omwe aja a matimati, chifukwa ndiwo anali okhuthala. Amayi sanadzutse mutu mpaka ngolo itachoka. Atadzuka analowa m'chipinda chopanda denga, nayang'ana kumwamba, nandiuza kuti ndikatenge tsache.

Patangopita zaka ziwiri, mu 1989, Zambia inakhazikitsa lamulo la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo. Ana amalandira magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ena odalira malemuyo 10, ndipo namfedwa ali ndi ufulu wokhala m'nyumba mpaka atamwalira kapena kukwatiwanso. Ndinawawerengera Amayi. Anafunsa ngati lamulolo limabweza makina osokera. Ndinati ayi.

Mdzukulu wa Azakhali anandilembera mwamseri mwezi watha kuti ndisiye kufukula akufa. Mwanawe, sindinatchule dzina la munthu, ndipo iwe ulibe mlandu. Koma nyumba ya agogo ako inafoleredwa ndi malata omwe ndimawadziwa, ndinawaona ndi maso anga mu 1994.

Zipinda ziwiri zija zinakhala zopanda denga mvula ziwiri. Amayi anabzalamo maungu. Titafolera, analowetsamo alendi, banja la achinyamata ochokera ku Petauke, ndipo lendi yawo ndi yomwe inaphunzitsa mng'ono wanga wotsiriza. Za ulendo wa 1994, pomwe Amayi anapita kukapempha munda kwawo nauzidwa kuti ndi a ku Lusaka, ndidzalemba m'gawo 7.