Silaidi ya nambala 17

Ntchito yanga n'kukonza masilaidi amene mabwana amakaonetsa pamisonkhano. Lolemba ndi Lachiwiri kunali zamasiku onse: kuchotsa mawu obwerezabwereza, kukulitsa zilembo, kugawa pawiri silaidi yodzaza ngati tsamba la buku. Za Lachinayi n'zimene zikundiwawabe.

Lachitatu madzulo a ku ofesi yoona za antchito ananditumizira masilaidi 30, akuti akufunika mawa lake 9 koloko. Mwachizolowezi chawo, anangokopera ndime zathunthu za m'chikalata cha malamulo. Pa silaidi ya nambala 17 panali izi: "Wantchito amene wagwira ovataimu angathe kupempha tsiku lopuma, bola ngati mkulu wa gawo lake anavomereza ovataimuyo isanagwiridwe, kupatula amene akadali pa nthawi yoyesedwa, ndipo pempho liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 14."

Ndisanadule ndime yotere, ndimayamba ndalemba mzere kunsi kwa timawu tonyamula tanthauzo. Apa tinali "angathe", "bola ngati", "isanagwiridwe", "kupatula" ndi "pasanathe". Timawu timeneti n'tating'ono, moti munthu wofupikitsa mothamanga amayamba kutaya tomweto. Kenako ndimafuna mutu umodzi woti mfundo iliyonse ikauwerengedwa nawo pamodzi ipange chiganizo chomveka. Ndinalemba chonchi:

Mungathe kupempha tsiku lopuma ngati mwachita zonse zitatu:
- mwamaliza nthawi yoyesedwa
- mwalandira chilolezo cha mkulu wa gawo musanayambe ovataimu
- mwagwira ovataimuyo

Zonse zikuyamba ndi "mwa-", munthu wake ndi mmodzi, nthawi yakenso imodzi. Diso likazolowera mzere woyamba silipunthwanso pa enawo. Mawu oti "zonse zitatu" ndinawaika dala, chifukwa timadontho sitinena ngati pakati pa mfundo pali "ndi" kapena "kapena", ndipo woonera amasankha yomukomera.

Ya masiku 14 inakana kulowa pamndandanda. Kulemba kuti "mungathe kupempha ngati mwapereka pempho" n'kuzungulira pamodzimodzi. Sindinaikakamize, ndinaiika payokha pansi: "Perekani pempho pasanathe masiku 14." Koma masikuwo akuwerengedwa kuyambira liti? Ndimeyo sinanene, ndipo si ine woti ndiwasankhire. Ndinalemba funso kwa eniake. Mpaka ndikuweruka, zii.

M'mawa wa Lachinayi ndinakhala kumbuyo kwa holo, pulojekita ikuwala. Itafika 17 mtima unangoti phaa. Usiku bwana wina anaona kuti silaidi yanga idakali yaitali, n'kuikonza yekha:

- Tsiku lopuma kwa onse ogwira ovataimu
- Kuvomerezedwa ndi bwana
- Pemphani masiku 14

Taonani. Mzere woyamba ndi dzina la chinthu, wachiwiri ukuyamba ndi "ku-", wachitatu ndi lamulo. Koma kusafananako kunali kochepa poyerekeza ndi zimene zinatayika. Mwayi wopempha unasanduka lonjezo. "Onse" anachokera kosadziwika n'kumeza anthu a pa nthawi yoyesedwa. Chovomerezedwacho sichikudziwikanso kuti ndi ovataimu kapena tsiku lopumalo, ndipo zoti chilolezo chimayamba ndicho zinasowa. Wachitatuwo ndiye unamaliza zonse. Mayi wina anakweza mkono: "Pepani bwana, ndiye kuti tikagwira ovataimu tizipempha masabata awiri opuma?" Anthu anaomba m'manja. Bwana uja anatembenukira kumbuyo n'kunena kuti, "Amene amatikonzera masilaidi atifotokozere."

Ndinaimirira n'kuwerenga ndime yoyambirira ija kuchokera pa foni yanga, mawu ndi mawu. Sindinatchule kuti wasintha ndani. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti ofesi yathu ilibe lamulo loti fayilo ikamalizidwa isakhudzidwenso popanda wokonza kuiona. Aliyense amatsegula n'kudula, dzina lotukwanidwa n'kukhala langa. Ndakhala ndikupempha kuti masilaidi azifika kukadali masiku awiri, kuti ndiziyesa chimene ndimayesa nthawi ikakhalapo: kupatsa mnzanga amene sanaone chikalatacho mfundo zokhazokha kuti andiuze zimene wamva. Akanena zosiyana ndi ndime yoyambirira, ndiye kuti ndadula pamoyo. Zikanatenga mphindi zisanu basi kuti "Pemphani masiku 14" agwidwe.

Lachisanu ndinatumiza silaidi yanga ija kwa antchito onse, pamwamba nditalemba kuti ya dzulo ayiiwale. A ku ofesi yoona za antchito anayankha funso langa cha m'ma 4 koloko: masikuwo amayambira tsiku logwira ovataimu. Ndinawonjezera mawu anayi, "kuchokera tsiku la ovataimu", n'kutumizanso kachiwiri.